Mawu oyamba a chimangirizo cha ndale ndi chuma: chitsanzo cha makuponi

Ophunzira ambiri a m'mayunivesite akapatsidwa mutu wokhudza feteleza wotsika mtengo, amatsegula chimangirizo chawo ndi mawu akuti chuma cha Malawi chimadalira ulimi. Ndi zoona, koma wowerenga amazidziwa kale, ndipo sizimuuza chimene wolembayo akufuna kutsutsa kapena kutsimikiza.

Katswiri wa zilankhulo John Swales anafotokoza mu 1990 kuti mawu oyamba a kafukufuku amagwira ntchito zitatu: kuonetsa pamene nkhani yafika, kuloza chimene chikusoweka, ndi kunena chimene wolemba achite.

Poyambira pamafunika mfundo zogwirika, ziganizo zitatu kapena zinayi basi. Wolemba anganene kuti boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi mu 2005 dziko lili pa njala, kuti banja losankhidwa linkayenera kugula motchipa matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50, ndiponso kuti mu 2020 boma la Lazarus Chakwera linasintha ndondomekoyi, alimi n'kuyamba kugula ndi chiphaso cha unzika. Pamenepa ndale ndi chuma zakumana kale, chifukwa funso labadwa lokha: amasankha wopindula ndani, nanga wosankhayo amapezapo chiyani? Mbiri ya ulimi kuyambira nthawi ya atsamunda ingadikire.

Ntchito yachiwiri ndiyo imagwetsa ambiri. Wophunzira amalemba molimba mtima kuti palibe amene anafufuzapo za ndale za makuponi. Mphunzitsi amadziwa kuti Ephraim Chirwa ndi Andrew Dorward anatulutsa buku lathunthu lonena za ndondomekoyi mu 2013, komanso kuti Blessings Chinsinga walemba zambiri pa ndale zake. Chiganizo chimodzicho chimaulula kuti wophunzirayo sanawerenge. Chosoweka chenicheni chimakhala chaching'ono, ndipo chimaoneka munthu akatha kuwerenga. Amatchula zimene olembawo anapeza, kenako n'kuloza pamene analekezera: buku la mu 2013 silikanatha kunena ngati mphamvu za mafumu posankha opindula zinachepa chiphaso chitalowa m'malo mwa kuponi. Asanalembe zimenezo, ayenera kufufuzanso zolembedwa zatsopano.

Pomaliza pamabwera mfundo yake ndi njira imene adutse. Kungonena kuti chimangirizochi chikamba za feteleza n'kosakwanira. Anene poyera, mwachitsanzo, kuti aonetsa kuti chiphaso chinasintha kagulidwe koma sichinathetse mkangano wa kalembera wa mayina, ndipo atchule kuti gawo loyamba liunika nthawi ya makuponi, lachiwiri nthawi ya chiphaso, lachitatu lifananiza ziwirizi m'boma limodzi.

Akamaliza chimangirizo chonse, wolemba abwerere ku mawu oyambawa n'kuwayerekeza ndi mitu ya magawo ake. Lonjezo lililonse limene lilibe gawo lake alichotse.