Kupeza Ubale Wonse Wobisika Pochulukitsa Matirikisi

Pa masamu, ubale ndi mndandanda wa zinthu ziwiriziwiri zolumikizana, china choyamba china chotsatira. Msewu woyenda mbali imodzi yokha wochoka pamphambano A kukafika pamphambano B ndi ubale wotere: A akulumikizana ndi B, koma B sakulumikizana ndi A pokhapokha patakhala msewu wina wobwerera. Ubale umatchedwa wopitirira ngati nthawi zonse pamene A akulumikizana ndi B, ndipo B akulumikizana ndi C, zimapezekanso kuti A akulumikizana ndi C. Maubale ambiri sakhala choncho pachiyambi, ndiye pamafunika kuwonjezera malumikizano amene akusowa, okhawo ofunika basi, mpaka ubalewo utakhala wopitirira. Chotulukacho ndicho chitseko chopitirira cha ubale, ndipo chimayankha funso limodzi: kuchoka pano, munthu angakafike kuti, kaya adutse mphambano zingati?

Kuti ntchitoyi itheke ndi manambala, ubale umalembedwa m'matirikisi, tebulo lokhala ndi mizera yopingasa ndi yotsika yochuluka mofanana. Mzera wopingasa ukuimira pochokera, wotsika ukuimira kofikira. M'kabokosi mumalembedwa 1 ngati msewu ulipo, 0 ngati kulibe. Pa mphambano zinayi, zokhala ndi misewu yochoka pa A kupita pa B, A kupita pa C, B kupita pa C, C kupita pa D ndi D kubwerera pa B, matirikisi yake, yomwe ikutchedwa M, ndi iyi:

```
M   A B C D
A   0 1 1 0
B   0 0 1 0
C   0 0 0 1
D   0 1 0 0
```

Mutu wa nkhani uli pa kuchulukitsa M ndi M yemweyo. Pofuna kudzaza kabokosi ka A ndi D, mzera wopingasa wa A, womwe ndi 0 1 1 0, umayerekezedwa ndi mzera wotsika wa D, womwe ndi 0 0 1 0, nambala yoyamba ndi yoyamba inzake, yachiwiri ndi yachiwiri, mpaka kumapeto. Pamalo achitatu mbali zonse zili ndi 1. Malo amenewo ndi a C, kusonyeza kuti pali msewu wochoka pa A kufika pa C ndi wina wochoka pa C kufika pa D. M'kabokosimo mulembedwa 1. Kabokosi ka A ndi B kapeza 0, chifukwa mzera wotsika wa B ndi 1 0 0 1 ndipo palibe pamene ma 1 akumana. Kawerengedwe kake nka masamu a George Boole, momwe 1 kuphatikiza 1 ndi 1 basi: kukumana kukachitika malo awiri, yankho silisintha, poti funso ndi lakuti njira ilipo kapena ayi. Wogwiritsa ntchito kuchulukitsa kwa masiku onse amapeza 2, 3 kapena kuposa, ndiye kuti akuwerenga kuchuluka kwa njira, ndipo pa matirikisi yaikulu manambalawo amakula mpaka kuposa omwe kompyuta ingasunge m'malo amodzi.

Mabokosi onse akadzazidwa pamatuluka M², yosonyeza maulendo odutsa misewu iwiri ndendende. Kuichulukitsanso ndi M kumapereka M³, ya misewu itatu:

```
M²  A B C D      M³  A B C D
A   0 0 1 1      A   0 1 0 1
B   0 0 0 1      B   0 1 0 0
C   0 1 0 0      C   0 0 1 0
D   0 0 1 0      D   0 0 0 1
```

Mawu akuti ndendende ndi ofunika kuwagwiritsitsa. M² siisunga zomwe zinali mu M; msewu wa A kupita pa B mulibemo. Nchifukwa chake chitseko sichipezeka mu matirikisi yomaliza yokha, koma pophatikiza zonse: kabokosi kamalandira 1 ngati kali ndi 1 mu M, mu M², mu M³ kapena mu M⁴. Pa chitsanzochi mizera yonse inayi ikutuluka yofanana, 0 1 1 1. Mphambano iliyonse ikufikira B, C ndi D, koma mzera wotsika wa A uli ndi ma 0 okhaokha: wochoka pa A sadzabwererakonso. Mu M³ mwaonekanso ma 1 pa B ndi B, C ndi C, D ndi D, chizindikiro chakuti mphambano zitatuzi zili pa njira yozungulira.

Kuchulukitsa kuli ndi polekezera. Ngati zinthu zilipo n, ulendo wosadutsa pamalo amodzi kawiri sungapose misewu n − 1, ndipo wobwerera pomwe unayambira sungapose misewu n. Ulendo wotalika kuposa pamenepo wabwereza malo ena, ndipo chigawo chobwerezacho chingadulidwe popanda kusintha pochokera ndi kofikira. Choncho kufika pa Mⁿ nkokwanira. Ambiri amalekera pa n − 1, nataya ma 1 a chinthu ndi chinzake chomwecho pamene zinthu zonse zili pa mzungulo umodzi.

Kuleka msanga nkololedwa, koma chizindikiro chake chiyenera kukhala cholondola. Kudikira kuti matirikisi yatsopano ifanane ndi yapambuyo pake ndi msampha: pa chitsanzochi M⁴ ikufanana ndi M, M⁵ ndi M², ndipo zizingozungulira choncho osakhazikika. Choyenera kuyang'ana ndi chophatikizacho. Kuchulukitsa kumodzi kukalephera kuwonjezerapo 1 watsopano, kotsatira konse kudzalepheranso, ndipo ntchito yatha.

Vuto lalikulu la njirayi ndi kulemera kwake. Kuchulukitsa kumodzi kumadzaza mabokosi n², lililonse ndi kuyerekeza n, zonse pamodzi n³. Pa zinthu 1,000, kumeneko ndi kuyerekeza 1,000,000,000, ndipo kungafunike kubwerezedwa ka 999. Pali njira yachidule yomwe imachepetsa kwambiri mtolowu. M'malo mochulukitsa ndi M nthawi zonse, chophatikizacho chimachulukitsidwa ndi icho chomwe:

```
S = M
S = S ∨ (S ∘ S)
```

Chizindikiro ∘ ndi kuchulukitsa kuja, ∨ ndi kuphatikiza, ndipo mzera wachiwiri umabwerezedwa mpaka S atasiya kusintha. Ulendo woyamba S amakwanira njira za misewu iwiri kapena kuchepera, wachiwiri inayi, wachitatu isanu ndi itatu. Pa zinthu 1,000 kubwereza ka 10 kukukwana, popeza 2¹⁰ ndi 1,024. Pa mphambano zinayi zija, kawiri kokha.

Bernard Roy mu 1959 ndi Stephen Warshall mu 1962 adasindikiza njira ina yomaliza ntchito yonse ndi kuyerekeza pafupifupi n³. Njirayo siiwerenga kutalika kwa ulendo. Imatenga chinthu chimodzichimodzi ngati podutsira, ndipo pa chilichonse imalumikiza onse ofika pa icho ndi onse omwe icho chimafikira. Mapulogalamu ambiri amatsata imeneyi, kapena amangofufuza misewu kuchoka pa chinthu chilichonse ngati malumikizano ali ochepa ndipo matirikisi yadzala ma 0. Kuchulukitsa kobwereza kumapambana pa chinthu chimodzi chomwe njira ya Warshall siipereka: nambala ya kuchulukitsa komwe kabokosi kalandirira 1 koyamba ndiyo kutalika kwa njira yaifupi kwambiri. Kabokosi ka A ndi D kadalandira 1 mu M², ndiye kuti misewu iwiri ndiyo yochepetsetsa pakati pa mphambano ziwirizo.