Zabwino Zimene Palibe Angakulamule Kuti Uchite

M'zipatala zathu zambiri wodwala sagonekedwa yekha. Amakhala ndi womudikirira, uja timangomutchula kuti gadiyani, amene amamusambitsa, kumuchapira ndi kumuphikira phala kukhitchini ya odikirira odwala. Tiyerekeze mayi wina amene akudikirira amayi ake m'wodi ya amayi. Pabedi loyandikana nalo pagona agogo ena amene abale awo anawasiya n'kubwerera kumudzi kukafuna ndalama, ndipo mpaka lero sanabwerenso. Mayi uja akamaphika phala amawonjezera kaufa pang'ono, n'kugawirako agogowo. Akamapita kumpopi amanyamulanso zitenje zawo. Usiku agogowo akafuna kupita kuchimbudzi, amadzuka ndi iyeyo kukawagwira mkono.

Mayiyu akanapanda kudyetsa amayi ake, wodi yonse ikanamunena. Akanaba shuga wa agogowo, ikanamunenanso. Akasankha kuphika m'mawa kapena masana, palibe amene zimamukhudza. Koma zimene akuchitira agogo achilendowa zili ndi khalidwe lakelake: akazichita timamutamanda, koma akanapanda kuzichita palibe akanamuloza chala. Ntchito zotere ndi zimene anthu ophunzira za chikhalidwe chabwino ndi choipa amazitcha supererogeshoni, ndiye kuti zabwino zopyola udindo.

Nkhaniyi inadzutsidwa mwamphamvu mu 1958 ndi katswiri wa ku Britain, J. O. Urmson, m'nkhani yake yonena za oyera mtima ndi ngwazi. Iye anaona kuti anzake ankagawa zochita za munthu patatu pokha: zimene uyenera kuchita, zimene suyenera kuchita, ndi zimene zilibe kanthu kaya uchite kaya usachite. Ndiye anafunsa kuti nanga dokotala amene wasiya kwawo kopanda vuto n'kudzipereka kukathandiza mumzinda mmene mwagwa mliri timuika pati? Nanga msilikali amene wadziponya pabomba kuti apulumutse anzake? Sitinganene kuti unali udindo wake, chifukwa tikatero ndiye kuti anzake amene sanadziponye analakwa, ndipo palibe mkulu wa asilikali amene akanamulamula kutero. Sitinganenenso kuti zilibe kanthu. Magulu atatu aja sakukwana, pafunika lachinayi.

Azipembedzo anali atalimbana nayo kale nkhaniyi. Mpingo wa Katolika unkasiyanitsa malamulo, omanga Mkhristu aliyense, ndi malangizo a ungwiro monga umphawi wodzifunira, kusakwatira ndi kumvera, amene amonke ndi asisitere amawasankha okha. Pa chiphunzitsochi panadzamangidwa china, chakuti zabwino zochuluka za oyera mtima zili ngati chuma chimene mpingo ungagawireko ena, ndipo mkangano wa zikalata zokhululukira zilango umene Martin Luther anauyambitsa mu 1517 unakhudza pomwepa. Aangilikani anakana poyera m'mfundo ya 14 mwa mfundo zawo 39 za chikhulupiriro: kwa iwo, kuganiza kuti munthu angachitire Mulungu zoposa zimene ayenera ndi kudzikuza. Asilamu amasiyanitsa bwino lomwe zaka, imene ndi yokakamiza kwa amene chuma chake chafika mlingo woikika, kawirikawiri 2.5 peresenti pachaka, ndi sadaka, imene munthu amapereka mwa kufuna kwake. Koma ine ndikufuna tiione nkhaniyi pantchito, chifukwa ndi pamene imapweteka anthu.

Titenge namwino wa pachipatala chaching'ono cha kumudzi, amene amaweruka 5 koloko madzulo. Itatsala pang'ono kukwana 5, pafika mayi amene wachira kumene koma akutaya magazi kwambiri, ndipo namwino wausiku sanafike. Namwino wathu akhalabe, aika diripi, apereka mankhwala okhwimitsa chiberekero, aitanitsa ambulansi. Nthawi yake yoweruka yadutsa, ndipo ambiri anganene kuti wachita zopyola udindo. Ayi. Namwino sasiya wodwala amene ali pangozi asanamupereke m'manja mwa mnzake. Akanatenga chikwama n'kumapita chifukwa wotchi yakwana, akanaimbidwa mlandu, ndipo moyenera. Udindo wa ntchito ngati iyi sutha ndi wotchi.

Nthawi itakwana 6 koloko, mnzake wafika. Wamufotokozera zonse, zalembedwa m'buku, ndipo pali wina woperekeza wodwalayo m'ambulansi. Apa ndiye udindo wake watha. Koma poona mmene mayiyo akumugwirira dzanja mwamantha, anena kuti, "Mayi, musaope, ndipita nanu ine." Akwera ambulansi mpaka kuchipatala cha boma, abwerako usiku, ana ake atagona kale. Kumenekonso apeza kuti apongozi a wodwalayo alibe ndalama yobwerera, n'kuwapatsa ya m'thumba mwake. Kuyambira 6 koloko, zonse zimene wachita ndi za gulu lachinayi lija.

Njira yodziwira si yovuta. Funsani kuti akanapanda kuchita, kodi alipo amene akanakhala ndi ufulu womufunsa kuti bwanji sunachite? Pa 5 koloko analipo: wodwalayo, abale ake, mabwana ake. Pa 6 koloko panalibe. Namwinoyo akananena kuti watopa akupita kwawo, yankho limenelo linali lokwanira, losafuna kupepesa. Funsaninso kuti chamudyera chiyani. Ntchito zopyola udindo zimadya kanthu ka mwini wake: tulo, ndalama, nthawi ya ana ake, nthawi zina moyo umene. Mtengo umenewu ndi umene umachititsa kuti tisamukakamize.

Pano munthu woganiza bwino angatsutse. Ngati kuperekeza mayiyo n'kwabwino kuposa kupita kunyumba, bwanji osangoti namwino aliyense ayenera kutero? Kodi munthu angadziwe chabwino koposa n'kuchisiya popanda kulakwa? Akatswiri ena amatsutsadi motero. Peter Singer, m'nkhani yake ya mu 1972, anapereka chitsanzo cha mwana amene akumira padziwe losaya. Ukamuvuula ungodetsa zovala, choncho kumuvuula si chifundo chapadera, ndi udindo. Kuchokera apo iye anati zambiri zimene anthu opeza bwino amazitcha zachifundo, monga kuthandiza anthu amene akufa ndi njala kutali, ndi udindonso.

Pa mwana womirayo Singer akunena zoona, ndipo anthu ambiri amabisala kuseri kwa mawu akuti "si ntchito yanga" pamene chofunika ndi kungotambasula dzanja. Phindu likakhala moyo wa munthu, mtengo wake n'kukhala malaya onyowa, palibe zosankha. Koma sindimutsatira mpaka kumapeto. Tikati chabwino chilichonse chimene munthu angathe ndi udindo wake, ndiye kuti namwino uja alibenso madzulo ake, alibenso ndalama yake, chifukwa tsiku lililonse pali wina wosowa kuposa iye. Urmson anaonanso vuto lina: malamulo a khalidwe akakwezedwa kufika pamene anthu wamba sangathe, anthuwo amayamba kupeputsa onse, ngakhale aja osavuta akuti usabe, usaname. Tikapanikiza munthu kuti akhale woyera mtima, tikhoza kutaya ndi munthu wabwino wamba yemwe.

Malire akewo sakhala pamodzi paliponse. Kumudzi maliro akachitika, kupita kukakhala nawo pasiwa si mphatso, ndi udindo, ndipo wojomba amadzaona yekha tsiku limene zidzamugwere. M'mizinda ikuluikulu ya kunja, kugona usiku pamaliro a munthu amene mumangokhala naye moyandikana kungadabwitse ngakhale anamfedwa. Malamulo a mayiko nawonso amasiyana. Ku France munthu amene walephera kuthandiza wina amene ali pangozi, pamene akanatha popanda kudziika yekha pangozi, akhoza kuzengedwa mlandu. Ku England lamulo silimukakamiza kupulumutsa munthu amene alibe naye udindo uliwonse.

Pali chinthu china chimene odzipereka ambiri amaiwala. Ufulu uli pa kulowa, koma ukalowa umapezamo maudindo. Namwino uja sanakakamizidwe kukwera ambulansi, koma atakwera, ndipo woperekeza wina uja atatsala chifukwa cha iye, sangagone tulo m'njira osayang'ana diripi, n'kumati pajatu ndangothandiza. Chimodzimodzi malume amene alonjeza kulipirira fizi mwana wamasiye wa mnzake. Asanalonjeze anali mfulu. Koma mwanayo atakana thandizo lina podalira iwo, n'kufika Fomu 3, kusiya mwadzidzidzi popanda chenjezo si kungosiya chifundo, ndi kuphwanya lonjezo.

Chovuta kwambiri chimabwera mwezi wotsatira. Woyang'anira chipatala waona kuti namwino uja sakana, ndiye polemba ndandanda ya ntchito ayamba kumuwerengera: kukachitika zadzidzidzi madzulo, aperekeza ndi iyeyo. Palibe amene wanena poyera kuti ntchito yake yasintha. Tsiku lina ati lero sinditha, mwana akudwala, ndipo ayankhidwa kuti, "Asisitere, masiku ano mwasintha." Mawu amenewa ndi chizindikiro chake. "Zikomo" akasowa, m'malo mwake n'kubwera "bwanji lero?", ndiye kuti mphatso yasandutsidwa ngongole mwini wake asanavomere. Zimachitikira mphunzitsi amene anayamba yekha kuphunzitsa ana a Sitandade 8 Loweruka, wantchito wapakhomo amene anavomera kamodzi kugonera ana mabwana ali ku ukwati, ndi mlonda amene anatsuka galimoto tsiku lina chifukwa choona fumbi.

Kampani kapena ofesi imene imayenda chifukwa cha ntchito zotere imaoneka ngati ili ndi antchito okwanira pamene ilibe. N'chifukwa chake m'mayiko ena ogwira ntchito akafuna kudandaula popanda kunyanyala, amangoganiza zochita zokhazo zolembedwa m'mgwirizano wawo, osawonjezera kanthu, ndipo ntchito imayamba kutsimphina. Lamulo la ntchito la dziko la Malawi la mu 2000 limaika maola 48 pa sabata ngati malire a ntchito ya masiku onse, ndipo owonjezera apo ndi ovataimu yolipidwa. Bwana amene akufuna kuti kuperekeza odwala madzulo kuzichitika nthawi zonse ali ndi njira yoyera: akulembe m'ndandanda ngati ntchito, akugawe kwa onse, alipire. Akatero kwasanduka udindo, ndipo palibe cholakwika. Cholakwika ndi kukudalira ngati udindo uku akukulipira ngati chifundo.

Chodabwitsa n'chakuti anthu ochita zabwinozi kawirikawiri savomereza kuti apyola udindo. Mukamuyamikira namwino uja, kapena mayi wa kuwodi, adzakuyankhani kuti aliyense akanachita zomwezo, kapena kuti sakanatha kungoyang'ana. Sakunama, mumtima mwake zinamvekadi ngati zokakamiza. Urmson anazindikira zimenezi, ndipo anati munthu akhoza kudziuza yekha kuti ndiyenera, koma sangatembenuke n'kuuza mnzake kuti nawenso uyenera, ndipo wina sangamuuze iye choncho. Ngozi ili poti bwana wochenjera amamva mawu odzichepetsawo n'kuwatenga ngati chilolezo. Namwino akati "ndi ntchito yathu imeneyi", akunena za chikumbumtima chake, osati za ndandanda ya mwezi wamawa.