Mmene mungalengezere dzina la gulu lanu

Amayi ogulitsa uchi ndi mtedza akagwirizana za dzina la kopaletivi yawo, wapampando asakhalitse anthu ndi malonje. Ena asiya mtedza padzuwa.

Angoti: “Amayi anzanga, zikomo pobwera. Pa maina atatu aja, ambiri mwasankha lakuti Tigwirizane. Dzinali tilemba pabotolo lililonse la uchi, pathumba la mtedza ndi pamabuku athu a kubanki. Amene munafuna dzina lina musakhumudwe, gululi ndi lathu tonse.”

Koma pali pofunika kusamala. Awauze kuti dzinalo likudikira kuvomerezedwa ndi ofesi yolembetsa makopaletivi, chifukwa likapezeka kuti ena analitenga kale, mudzalisintha. Musathamangire kusindikiza mapepala omata pamabotolo kalata isanatuluke.