Mphika wa Wotsekula M'mimba

Mwana akayamba kutsekula m'mimba, agogo ambiri amalamula kuti asadye kanthu mpaka m'mimba mutauma. Achipatala amakana zimenezo. Chimene chimapha wodwalayo ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo njala imangochedwetsa kuchira kwa matumbo.

Choyamba ndi Thanzi ORS: paketi imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Mwana wosakwana zaka 2 amwe kota kapena theka la kapu nthawi iliyonse akatsekula. Akasanza, mayi adikire mphindi 10, kenako apitirize kumumwetsa pang'onopang'ono ndi sipuni. Woyamwa asasiye bere.

Chakudya chikhale chofewa, chochepa koma chapafupipafupi: phala la ufa woyera, mpunga wowiritsa, mbatata, nthochi yakupsa. Nthochiyo imabwezeretsa potaziyamu amene amatayika ndi chimbudzi. Madzi a mpunga othira kamchere asatayidwe.

Zakumwa zozizilitsa kukhosi, zimene abale amakonda kunyamula pokazonda matenda, n'zosathandiza. Shuga wake wochuluka amakokera madzi m'matumbo, kutsekulako n'kuwonjezeka. Tchipisi cha pachiwaya, tsabola, khofi ndi mowa zidikire kaye.

Kutsekula kukaleka, nsima, nsomba, mazira ndi ndiwo zotendera zibwerere msanga, ndipo mwana apatsidwe chakudya china choonjezera tsiku lililonse kwa masabata awiri. Koma chimbudzi chikakhala ndi magazi, maso akalowa m'kati, kapena wodwala akamalephera kumwa, athamangire naye kuchipatala.