Kuchotsa Phokoso la Foni M'mawu Ojambulidwa

Foni yam'manja ikakhala pafupi ndi maikolofoni, rekoda kapena sipika, nthawi zina pamamveka phokoso laukali, lodukaduka poyamba kenako n'kumangoti bzzz ngati njuchi yotsekeredwa m'chitini. Kawirikawiri limayamba foni isanalire kapena uthenga usanalowe, chifukwa foniyo imakhala itayamba kale kulumikizana ndi nsanja ya netiweki. Phokosoli likalowa m'mawu ojambulidwa limavuta kuchotsa, koma lili ndi khalidwe limodzi lothandiza: kagundidwe kake sikasintha.

Gwero lake ndi netiweki ya GSM, yomwe ambiri amaidziwa kuti 2G. Pa netiweki imeneyi mafoni 8 amagawana njira imodzi ya mafunde mosinthana. Foni iliyonse imatumiza kwa kamphindi ka mamilisekondi 0.577, n'kukhala chete kudikira zinzake, ndipo mpata wake umabweranso pakatha mamilisekondi 4.615. Choncho pa sekondi imodzi chotumizira mafunde cha foniyo chimayaka ndi kuzima pafupifupi ka 217. Mafunde enieniwo, a 900 MHz kapena 1800 MHz, khutu silingawamve. Koma waya wa maikolofoni umawakoka ngati eriyo, ndipo akafika mu ampulifaya, matiranzisita amasandutsa kuyaka ndi kuzima kuja kukhala magetsi ogunda ka 217 pa sekondi. Kugunda kumeneku ndiko kumamveka. Kumalo kumene netiweki ndi yofooka foni imawonjezera mphamvu, mpaka mawati 2 pa 900 MHz, n'chifukwa chake vutoli limakula kumadera otalikirana ndi nsanja. Mafoni akakhala pa 3G sagunda motere, koma foni yamakono nayo imatha kubwerera pa 2G netiweki ikavuta.

Popeza kugundako n'kwadzidzidzi, phokosoli silikhala pa 217 Hz pokha. Limabwerezabwereza pa 433, 650, 867, 1083 Hz ndi kupitirira, mtunda wofanana pakati pake, mpaka kudutsa 4000 Hz. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amachotsa 217 Hz yokha n'kudabwa kuti palibe chasintha. Ukali umene khutu limadana nawo uli m'zobwereza zam'mwambazo, ndipo zimenezi zili pakati penipeni pa mawu a munthu.

Taganizirani za mtolankhani amene wajambula zokambirana za mphindi 40, ndipo kwa masekondi 12 foni ya wofunsidwa, yomwe inali patebulo, yalowetsa phokoso pamwamba pa yankho lofunika. Ntchitoyi ingachitike ndi Audacity, pulogalamu yaulere ya pakompyuta. Choyamba ndi kusunga kope la fayiloyo padera, osaligwira. Kenako amasankha masekondi 12 okhawo, chifukwa mankhwala ake amawononga mawu pang'ono ndipo palibe chifukwa chowamwetsa mbali yabwinobwino.

Asanachotse chilichonse ayenera kutsimikiza kuti wolakwa ndi foni. Akasankha mpata umene munthu sakulankhula koma phokoso likumveka, n'kutsegula Analyze > Plot Spectrum ndi kuika Size pa 16384, amaona nsonga zosongoka zotalikirana mofanana. Zikatalikirana ndi 217 Hz, ndi GSM. Zikatalikirana ndi 50 Hz, ndi kung'ung'udza kwa magetsi a m'nyumba, vuto lina lofuna manambala ena.

Chida choyamba ndi Notch Filter, sefa yomwe imadula kamzere kopapatiza pa nambala imodzi n'kusiya zina zonse. Imafuna zinthu ziwiri: Frequency, pamene idule, ndi Q, kupapatiza kwa modulamo. Q ikakula, mpata wodulidwa umachepa, pakuti m'lifupi mwake ndi Frequency kugawa ndi Q. Pa 217 Hz, Q ya 20 imadula mpata wa pafupifupi 11 Hz. Kuti mpata ukhale womwewo pa kubwereza kwachiwiri Q iyenera kukhala 40, pa kwachitatu 60, motero basi.

Nambala yolondola ndi 216.67, osati 217. Kusiyanako kumaoneka kochepa, koma kumachuluka pokwera. Pa kubwereza kwa nambala 20, wowerengera ndi 217 amadula pa 4340 Hz pamene phokoso lili pa 4333 Hz, ndipo sefa yopapatiza imaliphonya. Kuthamangitsa sefayo pamanja maulendo 20 n'kotopetsa, choncho timizere tiwiri tolembedwa mu Nyquist Prompt timagwira ntchito yonse kamodzi:

```
(do ((i 1 (1+ i))) ((> i 20) *track*)
  (setf *track* (notch2 *track* (* i 216.67) (* i 20.0))))
```

Zikatero bzzz uja amatsika kwambiri, koma nthawi zambiri pamatsala kakunjenjemera. Chifukwa chake n'chakuti pokambirana, foni imadumpha mpata umodzi pa mipata 26 iliyonse, zomwe zimachitika pafupifupi ka 8 pa sekondi, ndipo kudumphako kumamwaza phokoso pang'ono m'mbali mwa nsonga iliyonse. Kukulitsa mipata, mwachitsanzo kusintha 20.0 kukhala 12.0, kumathandiza, koma kuli ndi mtengo wake. Mawu amayamba kumveka ngati a munthu wolankhulira m'paipi. Zimenezi zikamveka ndiye kuti sefa yadya mopitirira, ndipo ndi bwino kubwerera m'mbuyo. Mawu a amayi ndiwo amavulala msanga, popeza tsinde lawo limakhala pakati pa 165 ndi 255 Hz, momwe muli 217 Hz. Pamenepa n'kwanzeru kusiya nsonga yoyambayo n'kuyamba ndi yachiwiri, posintha (i 1 kukhala (i 2 mumzere woyamba.

Zotsalira zimachepetsedwa ndi Noise Reduction. Amasankha kachigawo ka phokoso lokha, n'kudina Get Noise Profile, kenako n'kusankhanso masekondi 12 aja ndi kuchepetsa pang'ono, mwina ndi 6 dB mpaka 9 dB. Chidachi chikagwiritsidwa ntchito choyamba, ndiponso mwamphamvu, chimasiya mawu a phuluphulu osamveka ngati a munthu. N'chifukwa chake chimabwera pambuyo pa sefa. Kudina Residue kumamveketsa zimene zikutayidwa, ndipo ngati mukumveka mawu a wolankhula ndiye kuti mlingo wakwera kwambiri.

Timaphokoso todukaduka ta poyambirira ndi nkhani ina. N'tatifupi kwambiri moti sefa yopapatiza siitigwira bwino. Tikagwera pakati pa mawu, njira yabwino ndi kutidula n'kumatapo kachigawo ka bata la m'chipinda momwemo, kotengedwa pena m'fayiloyo. Kuikapo chete weniweni kumasiya dzenje lomveka. Tikagwera pa liwu lenileni, pamafunika zida zomwe zimamanganso mawu poyerekeza ndi oyandikana nawo, monga Spectral Repair ya mu iZotope RX, pulogalamu yogula.

Pali malire amene chida chilichonse sichingadutse. Ngati phokoso linali lamphamvu mpaka kudzaza rekoda, mafunde a mawu amaoneka ometedwa pamwamba, ndipo zimene zinametedwazo sizinajambulidwe n'komwe. Rekoda yodzisinthira yokha mlingo imatsitsanso mawu phokoso likayamba, choncho chigawocho chiyenera kukwezedwa pambuyo poyeretsa. Zikafika apa, cholinga chimakhala chakuti mawu amveke tanthauzo, osati kukoma, ndipo kakung'ung'udza kotsala n'kabwino kusiyana ndi mawu ophwanyika.

Pojambula, kuletsa foni kulira sikuthandiza, chifukwa imapitirizabe kutumiza mafunde. Iyenera kuzimitsidwa, kuikidwa pa Airplane mode, kapena kutalikitsidwa mamita angapo ndi maikolofoni komanso mawaya ake. Mawaya a XLR otchinga bwino amakoka mafundewa mochepa kusiyana ndi timawaya topyapyala ta maikolofoni yomata pa malaya, ndipo wojambula wovala mahedifoni amalimva phokosolo likangoyamba, n'kupempha wolankhulayo kuti abwereze chiganizocho.