Nkhope imodzi, masiki atatu: luso lobisa msoko pachithunzi

Opanga filimu akafuna kuika nkhope ya katswiri pathupi la munthu amene wamudumphira pagalimoto, onse awiri atavomereza, chimene chimavuta kwambiri ndi msoko. Nkhope yatsopanoyo ikhoza kukhala yabwino, koma diso la woonera limathamangira pamene yakumana ndi yakale: mzere pachipumi, nsidze zinayi, mano aphulusa. Nthawi zambiri mlandu umakhala wa masiki.

Masiki ndi chithunzi chakuda ndi choyera chimene chimauza kompyuta poika nkhope yatsopano. Amagwira ntchito ngati pepala lobowola la olemba zikwangwani, loti penti imalowa pobowoka pokha. Pikiselo iliyonse, kadontho kakang'ono ka chithunzi, imapatsidwa nambala. Ikakhala 1, nkhope yatsopano imaoneka yonse, ikakhala 0, yakale imatsala, ikakhala 0.5, ziwirizo zimasakanikirana pakati ndi pakati.

Kale akatswiri ankangolumikiza madontho 68 ozungulira chibwano, maso ndi nsidze, n'kupanga masiki amodzi. Masiki oterowo sadziwa tsitsi, sadziwanso magalasi. Njira ya masiku ano imagawa nkhope m'zigawo, pikiselo iliyonse n'kuuzidwa kuti ndi ya chiyani. Pulogalamu yotchuka ya `face-parsing.PyTorch` imagwiritsa ntchito BiSeNet, makina ophunzira a mu 2018, amene anaphunzitsidwa ndi CelebAMask-HQ, nkhokwe ya zithunzi 30,000 zogawidwa ndi anthu m'magulu 19. M'pulogalamuyi khungu ndi 1, nsidze ndi 2 ndi 3, maso ndi 4 ndi 5, mphuno ndi 10, m'kamwa ndi 11, milomo ndi 12 ndi 13, tsitsi ndi 17. Mapulogalamu ena amasanja manambalawa mosiyana, choncho ndi bwino kupaka zigawozo mitundu n'kuziona kaye.

Tengani nkhope yowongoledwa ndi kudulidwa pamapikiselo 512 mbali zonse. Ongoyamba amathamangira kutenga khungu lokha n'kulifewetsa m'mbali. Koma khungu lokha lili ndi mabowo pamaso ndi pakamwa, ndipo mabowowo amakula pamodzi ndi kufewetsako, mpaka zikope zakale n'kumasuzumira pansi pa zatsopano. Wodziwa ntchito amayamba ndi nkhope yathunthu yopanda bowo:

```python
nkhope = np.isin(zigawo, [1, 2, 3, 4, 5, 10, 11, 12, 13]).astype("float32")
nkhope = cv2.erode(nkhope, np.ones((21, 21), np.uint8))
nkhope = cv2.GaussianBlur(nkhope, (31, 31), 0)
```

Mzere wachiwiri umabweza malire m'kati ndi mapikiselo 10, wachitatu n'kuwafewetsa. Ndondomekoyi siyenera kusinthidwa. Kufewetsa kumamwaza masiki mbali zonse, ndiye akapanda kubwezedwa kaye, khungu latsopano limatayikira m'tsitsi ndi kuseri kwa chibwano, n'kupanga kamkombero kotuwa kuzungulira mutu.

Maso ndi m'kamwa amapangiridwa masiki awoawo, kenako amachotsedwa pa masiki aakulu aja. Diso ndi laling'ono, ndiye limafuna kufewetsa kochepa, monga `(7, 7)`. Mukalipatsa 31 wa khungu, mboni yakale ndi yatsopano zimaonekera pamodzi, munthu n'kumaoneka ngati wang'ala. M'kamwa namo, ambiri amasiyamo mano ndi lilime la chithunzi choyamba, chifukwa nkhope zopangidwa ndi kompyuta zimasokoneza mano munthu akamalankhula kapena kuseka. Milomo yokha ndi imene imachokera kunkhope yatsopano.

Kugawaku kumapulumutsanso mtundu wa khungu. Kuti nkhope ziwiri zifanane kuwala, kompyuta imayeza mtundu wa khungu la zonse ziwiri n'kukankhira yatsopano ku yakale. Kuyera kwa maso ndi mano kukalowa m'masamuwo, zotsatira zimapotoka, ndipo mano amatha kuda kapena kusanduka achikasu. Poyeza khungu lokha, gulu 1 ndi 10, zimenezi sizichitika.

Malire alipo ndithu. Pamagulu 19 aja palibe la dzanja, kapu kapena maikolofoni, choncho dzanja likadutsa pankhope nthawi zambiri limawerengedwa ngati khungu, ndipo nkhope yatsopano imapakidwa pamwamba pa zala. Pamenepo pamafunika masiki ena ozindikira zotchinga. Muvidiyo, chithunzi chilichonse chimagawidwa pachokha, malire n'kumanjenjemera. Mankhwala ake ndi kusakaniza masiki a chithunzi chino ndi a zithunzi zoyandikana nacho.

Zithunzi za CelebAMask-HQ n'za anthu otchuka, ambiri akhungu loyera, ojambulidwa powala bwino. Pankhope yakuda yojambulidwa pamdima, malire a chipumi ndi tsitsi lalifupi amatha kusochera, nsidze n'kumezedwa ndi khungu. Njira yozindikirira msanga ndi kupaka masiki mtundu wofiira pamwamba pa chithunzi choyamba, n'kuyang'ana chipumi, makona a maso ndi a milomo, musanasakanize chilichonse.