Mankhwala owawa a m'botolo ndi ma ARV: chiwindi ndi impso zili pa chiswe

Pamsika sipasowa wogulitsa mabotolo a madzi ofiirira, ophikidwa kuchokera ku mizu ndi makungwa. Akuti botolo limodzi lomwelo limachiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi m'mimba. Ambiri timaganiza kuti kuwawa kwake ndiye umboni wa mphamvu, koma kuwawa sikusonyeza mlingo. Mphika wa lero ukhoza kuposa wa dzulo ukali, ndipo palibe chowuyezera.

Zambiri zomwe timamwa zimaphwanyidwa ndi chiwindi kapena kusefedwa ndi impso. Taganizani za munthu amene amamwa TLD, piritsi limodzi patsiku lomwe ambiri a ma ARV ku Malawi amalandira. Tenofovir wa m'piritsili amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Munthuyu akamwa zitsamba zotsegula m'mimba pofuna “kutsuka m'thupi”, madzi amatha m'thupi, impso zimafooka, ndiye tenofovir amachuluka m'magazi n'kuzipweteka koposa. Dolutegravir naye amakanika kulowa bwino m'magazi akakumana m'mimba ndi dothi kapena phulusa lomwe ena amasakanizamo, motero kachilombo kamapeza mpata wochulukana.

Maso akasanduka achikasu ndipo mkodzo n'kuda ngati tiyi, chiwindi chavulala. Mkodzo ukachepa, miyendo ndi nkhope n'kutupa, impso zili pamavuto. Zikatero siyani zitsambazo, nyamulani botololo, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayeze magazi. Ma ARV musawasiye panokha, ndipo adokotala auzeni zonse zomwe mwamwa osabisa kanthu.